Foni ikayamba kulemba Chitchaina: momwe tingapezere posinthira chiyankhulo

Kuno ku Dedza si foni zonse zimene zimafika m'manja mwa mwini wake zili zatsopano m'bokosi. Zina amatumiza abale a ku Joni, zina zimalowera pachipata cha Dedza kuchokera ku Calomue, ndipo zina ndi zakaunjika zimene zinayamba zagwira ntchito ku China kapena ku Dubai. Ya ku Mozambique siopsa kwenikweni, chifukwa ngakhale ikhale m'Chipwitikizi, zilembo zake ndi zathu zomwe, ndipo munthu akaona mawu akuti Sistema ndi Idioma amayamba kuganizira chimene akutanthauza. Vuto lenileni limabwera foni ikamalemba Chitchaina kapena Chiarabu, pamene ngakhale chilembo chimodzi sitingachitchule. Nthawi zina foni imabwera ili choncho. Nthawi zina mwana ndiye amaiseweretsa, n'kuibweza itasintha.

Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tiyembekezere kuti foni zotere zidzatipeza. Tikapita kukaphunzira ntchito m'sukulu za ku Bembeke, ku Linthipe kapena ku Mayani, kholo likasowa chochita ndi foni yake limathamangira kwa aphunzitsi. Nkhani yabwino ndi yakuti sitifunika kudziwa Chitchaina kuti tithandize. Chofunika ndi kudziwa maonekedwe a chilembo chimodzi, kudziwa njira imene menyu imayendera, ndi kudziwa khomo limodzi limene sitiyenera kulowa.

Zimene sizisintha chiyankhulo chikasintha

Foni ikasintha chiyankhulo imasintha mawu okha. Tizithunzi timakhala tomwe tija, ndipo mizere ya menyu imakhala pamalo pake: umene unali wachitatu m'Chingerezi umakhalabe wachitatu m'Chitchaina. Kagudumu ka mano kamene kamatsegula Settings kamakhala kagudumu komweko. Chizindikiro chophatikizira, +, chimatanthauzabe kuwonjezera, ndipo kamuvi koloza kumbuyo kamatibwezabe kumene tachokera.

Zinthu za mwini foni nazo sizipita kulikonse. Manambala a anthu, zithunzi ndi mauthenga zimakhala momwe zinalili. Ndalama za pafoni sizikhudzidwa, ndipo tikaimba *211# ya Airtel Money kapena *444# ya TNM Mpamba, mawu a menyu amabwera m'chiyankhulo chimene tinazolowera, chifukwa amachokera ku kampani ya netiweki, osati m'foni. Tizibatani ta pansi pake ndi timene timaoneka m'Chitchaina. Ndi bwino kuyamba ndi kumuuza mwini foni zimenezi, chifukwa mantha ndi amene amamuchititsa kudina paliponse.

Chinthu chinanso chimene chimatipulumutsa ndi chakuti pamndandanda wa ziyankhulo, chiyankhulo chilichonse chimalembedwa m'zilembo zake. Chingerezi chimaoneka kuti English, Chipwitikizi Português, ngakhale foni yonse ili m'Chitchaina. Opanga mafoni anachita dala zimenezi poganizira munthu wosochera. Choncho ntchito yathu yonse ndi kufika pamndandanda umenewo. Tikangofika, tayamba kuwerenga.

Chilembo chimodzi choti tichiloweze

Mawu akuti chiyankhulo m'Chitchaina amalembedwa ndi zilembo ziwiri: 语言. Chimene tikufuna ndi chachiwiricho, 言. Tichiyang'ane monga mwana wa Sitandade 1 amayang'anira chilembo asanadziwe kuchitchula. Pamwamba pali kadontho. Pansi pake pali mzere wautali wopingasa, kenako mizere iwiri yaifupi, ndipo pansi penipeni pali kabokosi kopanda kanthu m'kati. Kabokosiko pakokha, 口, kamatanthauza pakamwa, ndipo chilembo chonsecho chimatanthauza mawu kapena kuyankhula. Tingachikumbukire motere: mizere ya mawu ikutuluka pakamwa.

Ubwino wa chilembo chimenechi ndi wakuti chimatithandiza m'malo atatu. Ku China amalemba 语言. Ku Taiwan ndi ku Hong Kong, kumene amagwiritsabe ntchito zilembo zakale zosafupikitsa, amalemba 語言. Ku Japan amatembenuza, n'kulemba 言語. Monsemo 言 alimo. Tikachijambula pakapepala n'kukaika pafupi ndi sikirini, maso savutika kuchipeza.

Koma pali msampha. Mawu akuti 语音 amafanana kwambiri ndi 语言, ndipo nthawi zambiri amapezeka m'menyu imodzi. Tanthauzo lake ndi liwu lomveka, ndipo amatitengera kumene amakonzera zoti foni iziwerenga mokweza kapena izimva mawu a munthu. Kusiyana kwake kuli pakabokosi. Mu 言 kabokosi n'kopanda kanthu, pamene mu 音 kabokosi kali ndi mzere pakati, ngati zenera la magalasi awiri. Tikatsegula mzere wina n'kupeza timizere tokokera kumanja ndi kumanzere, kapena foni n'kuyamba kuyankhula, tidziwe kuti talowa kwa liwu. Tibwerere.

Tiyende nayo foni imodzi

Titenge chitsanzo cha foni ya Android imene menyu yake sinasinthidwe kwambiri ndi kampani yoipanga. Mayi wina wogulitsa mbatatesi wabwera nayo, akuti dzulo inali bwinobwino koma mdzukulu waitembenuza. Poyamba tiwapemphe kuti atsegule loko okha. Manambala a PIN m'Chitchaina amaoneka monga mwa masiku onse. Sitifunika bandulo kapena netiweki, chifukwa ziyankhulo zili kale m'foni.

Tiyambe ndi kukokera chala pansi kuchokera pamwamba pa sikirini, kawiri ngati kamodzi sikakwana, mpaka tione kagudumu ka mano. Tikakadina, pamwamba paoneka mawu akuti 设置. Amenewo ndiwo Settings. Njira imeneyi ndi yachidule kuposa kufufuza pakati pa tizithunzi ta mapulogalamu, pamene pamakhala tina tofanana ndi kagudumu.

Kenako titsike mpaka pansi penipeni pa mndandanda. Tikufuna mzere wa zilembo ziwiri zokha, 系统, umene ndi System. Umakhala pakati pa mizere yomalizira, ndipo pafupi pake pamakhala wina wa zilembo zinayi, 关于手机, umene ndi About phone. Tikalowa mwangozi mu About phone tizindikira msanga, chifukwa mumadzaza manambala ndi dzina la foni m'zilembo zathu. Palibe chimene taononga. Tibwerere n'kudina mnzakeyo.

Mu 系统, mzere woyamba nthawi zambiri ndiwo tikuufuna. Uli ndi zilembo zisanu ndi chimodzi, 语言和输入法, kutanthauza Languages & input, ndipo m'foni zambiri pambali pake pali kachithunzi ka dziko lapansi. Tiwerenge ndi chala: chilembo chachiwiri ndi 言 wathu uja, wa kabokosi kopanda kanthu. M'foni zatsopano mzerewu anaufupikitsa, umangoti 语言. Tikadina, timapeza tsamba lina, ndipo pamwamba pake pali 语言 yekha, pansi pake pali timawu ting'onoting'ono tokhala ndi 中文, dzina la Chitchaina. Chilembo 中 n'chosavuta kuchiona: kabokosi kobooledwa ndi ndodo kuchokera pamwamba. Timawu timeneti ndi umboni wakuti tili pakhomo loyenera, chifukwa foni ikutiuza chiyankhulo chimene ikugwiritsa ntchito panopa. Mizere ya m'munsi mwake ndi ya kiyibodi, ndipo tiisiye.

Tikadina 语言 tiona kamndandanda kakafupi. Ngati mwana ndiye anasintha, mwina English ilipo kale pa nambala 2, pansi pa Chitchaina. Ngati palibe, tidine mzere wokhala ndi +, wolembedwa 添加语言, umene ndi Add a language. Pabwera mndandanda wautali. Titsike mpaka tione zilembo zathu, ndipo English tiipeza pafupi ndi Deutsch ndi Español. Tikaidina, foni imafunsa dziko. Tingasankhe United Kingdom kapena South Africa, zonse zimagwira ntchito. Tisataye nthawi kufunafuna Chichewa, chifukwa foni zambiri zilibe Chichewa pamndandanda umenewu.

Apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi. English yalowa, koma foni ikadali m'Chitchaina, ndiye munthu amati njirayi yakanika. Sinakanike. Kuyambira pa Android 7, imene inatuluka mu 2016, foni imalola ziyankhulo zingapo nthawi imodzi, ndipo imatsatira chimene chili pa nambala 1. Chimene tangowonjezera chimakhala pansi. Kumapeto kwa mzere wa English kuli timizere tiwiri topingasa kapena timadontho. Tiike chala pamenepo, tigwire osachotsa, n'kukokera mzerewo pamwamba pa Chitchaina. Tikachotsa chala, mawu a pasikirini amasintha patangopita kamphindi. Foni zina zimayamba zafunsa, n'kuonetsa mabatani awiri. Lolembedwa 取消 ndi lokana, ndipo limakhala kumanzere. Pano pokha, popeza tikudziwa chimene tapempha, tidine linalo.

Chingerezi chikabwerera, ndi bwino kuchotsa Chitchaina pamndandanda. Pakona yapamwamba pali timadontho titatu, ndipo tikatidina pamabwera Remove. Tikachisiya, pulogalamu imene ilibe Chingerezi idzagwiritsa ntchito Chitchainacho, komanso mdzukulu uja sadzavutika kuchikwezanso.

Khomo limene sitilowa

Menyu ya System ili ndi mzere wina woopsa, ndipo uli patsamba lomwelo ndi chiyankhulo, cha m'munsi. Ndi wa Reset, umene umafufuta zinthu. Zilembo zake ndi 重置, ndipo kubwezera foni momwe inachokera kufakitale amalemba 恢复出厂设置. Mawu achiwiriwa amapusitsa chifukwa amathera ndi 设置, zilembo zomwe zija za Settings. Chilembo choti tiziyang'ana ndi 厂, chimene ndi mizere iwiri yokha, wina wopingasa pamwamba, wina wotsika kumanzere, ngati denga la khonde. Chimatanthauza fakitale. Tikachiona, chala chibwerere.

Ngakhale titaiwala zilembo zimenezi, pali njira yozindikirira ngozi. Kutsegula mzere kuti tione zimene zili m'kati sikusintha chilichonse. Zinthu zimasintha tikakhudza kaswichi kapena tikavomera funso. Ndipo kusintha chiyankhulo sikufuna PIN, pamene kufufuta foni yokhala ndi loko kumafuna PIN. Choncho ngati tili pakati pofufuza ndipo foni yatifunsa PIN kapena pateni, tisalembe. Chimodzimodzi tikaona ndime yaitali ya mawu yokhala ndi mndandanda wa maakaunti ndi batani limodzi lalikulu pansi. Limenelo ndi tsamba lotsanzikira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo apa kudekhako ndi kudina kamuvi kobwerera nthawi iliyonse tikakayika.

Ena amaganiza kuti kufufuta foni yonse ndiyo njira yachidule yobwezera Chingerezi, ndipo alipo okonza mafoni amene amathamangira kufulasha. Mtengo wake ndi waukulu. Zithunzi, mauthenga ndi manambala amene sanasungidwe pasimukhadi kapena paakaunti zimapita osabwerera. Kwa mayi wa mbatatesi uja, amenewo ndi manambala a ogula ake a ku Lilongwe ndi a madalaivala amene amamunyamulira matumba. Komanso foni ikafufutidwa pogwiritsa ntchito mabatani a m'mbali, osadzera mu Settings, imadzuka ikufuna akaunti ya Google imene inalimo kale. Chitetezo chimenechi chinabwera ndi Android 5.1 mu 2015 pofuna kugwetsa ulesi akuba. Ngati foni ndi yakaunjika ndipo akauntiyo ndi ya mwini wake woyamba, kapena ngati mwini foni anaiwala pasiwedi imene wina anamutsegulira pamsika, foniyo imatsekeka. Vuto la mphindi zisanu lasanduka la masiku ndi ndalama. Ndipo foni yopangidwira msika wa ku China ikafufutidwa imayambanso ndi Chitchaina patsamba loyamba.

Foni zikasiyana njira

Kampani iliyonse imaika chiyankhulo m'chipinda chake, koma chimene tikufuna m'kati ndi 言 yemweyo. M'foni za Samsung mulibe System. Timafuna mzere wa zilembo zinayi, 常规管理, umene ndi General management, cha kumunsi kwa mndandanda, ndipo 语言 ali pamwamba m'kati mwake. Tikasankha English, Samsung imafunsa ngati tikufuna kuti ikhale chiyankhulo chachikulu, ndipo batani lovomera lili ndi zilembo 默认. Tichenjere, chifukwa 重置 alinso patsamba lomwelo. M'foni za Xiaomi ndi Redmi khomo ndi 更多设置, Additional settings, ndipo mmenemo timangodina chiyankhulo chimodzi popanda zokoka. M'foni za Huawei ndi 系统和更新. Mu iPhone ndi 通用, General, mzere wokhala ndi kagudumu kotuwa, kenako 语言与地区.

Ngati mayina amenewa atisokoneza, njira yodalirika kwambiri ndi kubwereka foni ina ya kampani yomweyo imene ili m'Chingerezi. Tiziike pamodzi patebulo, titsegule Settings monsemo, n'kumayenda limodzi, tsamba ndi tsamba, tikuyerekeza tizithunzi ndi mitundu yake. Ndi bwino kuwerenga mizere kuchokera pansi osati pamwamba, chifukwa pamwamba pamakhala mizere yowonjezera ya maakaunti ndi machenjezo imene imasiyana foni ndi foni. Ngati foni ziwirizo zili za zaka zosiyana, mizere ikhoza kusiyana ndi umodzi kapena iwiri, choncho kuwerenga kutifikitse pafupi, koma chilembo ndicho chitsimikize.

Ikakhala ya Chiarabu

Foni zodzera ku Dubai nthawi zina zimabwera m'Chiarabu. Njira ndi yomweyo, koma pali chinthu chimodzi chimene chimazunguza mutu. Chiarabu chimalembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndipo foni imatembenuza sikirini yonse ngati pagalasi loonera nkhope. Tizithunzi timapita kumanja, kamuvi kobwerera ka pamwamba kamakhala kumanja n'kuloza kumanja, timizere tokokera chiyankhulo timapita kumanzere, ndipo batani lokana limasinthana malo ndi lovomera. Chimene sichitembenuka ndi pamwamba ndi pansi. System ikadali cha pansi, ndipo chiyankhulo chikadali mzere woyamba m'kati mwake. Manambala nawo akhoza kuoneka achilendo, monga ١ m'malo mwa 1 ndi ٢ m'malo mwa 2, koma patsamba la PIN amakhala m'malo awo a masiku onse, choncho chala chimakumbukira.

Mawu oti tiwafune ndi اللغة, kapena اللغات akakhala ambiri. Tikayamba kuwayang'ana kuchokera kumanja, timaona ndodo zitatu zoimirira motsatizana, kenako kachilembo kokhala ndi dontho limodzi pamwamba. System ndi النظام, ndipo General management ya Samsung ndi الإدارة العامة. Mzere uliwonse wokhala ndi إعادة tiupewe, chifukwa mawu a Reset amayamba choncho. Apa tili ndi mwayi umene pa Chitchaina tilibe: anzathu amene anaphunzira kumadrasa amatha kutchula zilembo zimenezi. Tiwapemphe atiwerengere mizere mokweza, ife tikumvetsera mawu akuti lugha, amene ndi omwewo amatanthauza chiyankhulo m'Chiswahili.

Pamene njirayi imathera

Pali zinthu zimene kusintha chiyankhulo sikungakonze, ndipo ndi bwino kuzidziwa kuti tisamangozungulira m'menyu. Choyamba ndi kiyibodi. Ngati menyu yabwerera m'Chingerezi koma polemba uthenga pakutuluka zilembo za Chitchaina, vuto lili pakiyibodi, imene ili ndi chiyankhulo chakechake. Pamzere wake wapansi pamakhala kachithunzi ka dziko lapansi kapena batani lolembedwa 中/英, ndipo kulidina kumasintha. Kugwira batani lalitali lodumphira mawu kwa kamphindi kumabweretsanso mndandanda wa makiyibodi m'foni zambiri.

Chachiwiri ndi foni zimene zinapangidwira msika wa ku China wokha. Mndandanda wake wa ziyankhulo ndi waufupi, ngakhale English imapezekapo kawirikawiri. Tikasankha English, menyu imasintha, koma mapulogalamu ena amene anabwera ndi foni amakhalabe m'Chitchaina chifukwa sanamasuliridwe n'komwe, ndipo nthawi zambiri Play Store mulibe. Pamenepa palibe swichi ina yobisika imene taiphonya. Ndi mmenenso zilili ndi mawailesi ambiri a m'galimoto zochokera ku Japan, monga Sienta ndi Probox zimene zimanyamula anthu m'misewu yathu. Tingalowe mu 設定, n'kufufuza 言語, koma ngati mawuwo palibe tsamba lililonse, ndiye kuti wailesiyo inapangidwa ndi Chijapani chokha.

Chifukwa cha zimenezi, nthawi yabwino yoyesera zonsezi ndi pogula, ndalama zisanachoke m'manja. Tipemphe wogulitsa atsegule mndandanda wa ziyankhulo tikuona, titsimikize kuti English ilipo ndipo ili pa nambala 1, tione ngati Play Store ilimo, komanso kuti akaunti ya mwini wake wakale yachotsedwa. Ndipo foni yathu ikadali m'Chingerezi, tiyende njira ya ku Languages kamodzi, tilembe kumapeto kwa kope kuti ndi mzere wachingati patsamba lililonse, n'kujambula 言 ndi 厂 pambali pake: china choti tichifune, china choti tichithawe.